Kalata yochotsa munthu ntchito: mmene ndinaikonzera

Kusitolo kwathu ku Kasungu kunasowa matumba 6 a feteleza, ndipo pa hiyaring'i mnyamata wosunga katundu anavomera kuti anagulitsa. Kalata yoyamba ndinangolemba kuti "mwachotsedwa chifukwa cha khalidwe loipa", basi. A leba ataiona anati bambo, khalidwe lake liti? Yachiwiri ndinaiwala za ndalama.

Yachitatu ndinayamba ndi deti la hiyaring'i, amene analipo, ndi zomwe iye anayankha, paja lamulo la ntchito la Employment Act ya 2000 limafuna chifukwa chomveka komanso kuti munthu apatsidwe mpata wodziteteza. Kenako mlandu weniweniwo, matumba angati, tsiku liti, zomwe zili m'buku la sitoko. Apa ndi pomwe panagona nkhani, musalembe mlandu womwe simunamufunse pa hiyaring'i ngakhale mtima ukuwawa bwanji.

Ndalama ndinalemba mzere ndi mzere: malipiro mpaka tsiku lomaliza, masiku 9 a livi omwe sanatenge. Notisi ndi sevelansi, ndalama zomwe munthu amapatsidwa pa zaka zomwe wagwira ntchito, palibe pa mlandu ngati uwu, koma ndinalemba chifukwa chake. Zonse zilipidwe pasanathe masiku 7.

Kumapeto ndinaika kuti akhoza kuchita apilo kwa eni sitolo, kapena kukadandaula ku leba pasanathe miyezi 3. Anasaina makope awiri, imodzi n'kutenga.