Momwe mungalembere kalata yopatsa m'bale mphamvu yotolera lendi ndi kulipira msonkho wa nyumba ku Mzuzu muli kunja

Anthu ambiri amene ali ku Joni, ku Ulaya kapena kwina ali ndi nyumba za lendi ku Chibavi, Luwinga, Katoto ndi Mchengautuwa, ndipo amangouza m'bale pafoni kuti aziyang'anira. Vuto limabwera tsiku limene wochita lendi wakana kupereka ndalama kwa munthu amene sanagwirizane naye, kapena m'baleyo wapita kukhonsolo kukafunsa za ngongole ya puloti n'kufunsidwa kuti iye ndi ndani. Kalata imathetsa zimenezi, koma ikhale yonena ntchito zochepa ndi zomveka. Kalata yoti "aziyendetsa zonse zokhudza nyumba yanga" ndi yoopsa, chifukwa mawu oti zonse munthu akhoza kuwakokera mpaka pa kugulitsa.

Musanalembe chilichonse, dziwani kaye momwe nkhani ya msonkho wa nyumba yanu ilili kukhonsolo. Msonkho wa nyumba, umene ambiri amautchula kuti siti reti, umapita ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, ndipo amauwerengera potengera mtengo umene nyumba ndi malowo anaziyika m'kaundula wa khonsolo. Ngongole yake ndi ya mwini nyumba, osati ya wochita lendi, ndipo ikachedwa imabereka chiwongoladzanja. Tumani m'bale wanu kuti akatenge pepala losonyeza ngongole yonse mpaka lero. Pepalalo likhala poyambira: zam'mbuyo ndi zanu, zam'tsogolo ndi zimene mudzamufunse iye. Ngati malo anu ndi a lizi, pali ndalama inanso ya lendi ya malo imene imapita kwa amene anakupatsani liziyo, kaya ndi Unduna wa za Malo kapena bungwe la nyumba la MHC. Imeneyi ndi yosiyana ndi msonkho wa khonsolo, ndipo ngati mukufuna kuti m'bale wanu azilipiranso, muitchule payokha.

Tsopano kalata. Tiyerekeze kuti muli ku Johannesburg, nyumba ili ku Chibavi, lendi ndi K180,000 pamwezi, ndipo mwasankha mlongo wanu. Thupi la kalata likhoza kuyenda chonchi:

"Ine (dzina lonse monga lilili pa mapepala a nyumba), nambala ya chiphaso cha unzika kapena pasipoti (nambala), wokhala ku (adiresi ya kunja), ndine mwini wa nyumba ya pa puloti nambala (nambala), ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu. Ndikupereka mphamvu kwa mlongo wanga (dzina lonse), nambala ya chiphaso cha unzika (nambala), kuti m'dzina langa azilandira lendi ya K180,000 pamwezi ndi kupereka risiti, azilandira mabilu ndi kulipira msonkho wa nyumbayi ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, ndiponso azikonza zowonongeka zosaposa K50,000 popanda kundifunsa. Kalatayi sikumupatsa mphamvu yogulitsa nyumbayi, kuiyika chikole pa ngongole, kusintha dzina la mwini wake, kukweza lendi kapena kutulutsa wochita lendi popanda chilolezo changa cholembedwa. Mphamvuyi iyamba pa (tsiku) ndipo idzatha pa (tsiku), pokhapokha nditaichotsa msanga ndi kalata ina."

Chiganizo chonena zimene sangachite musachichotse chifukwa cha manyazi. Ena amaona ngati kulemba zimenezi n'kumuganizira m'bale wawo zakuba, koma chimamutetezanso iyeyo. Achibale ena akadzabwera kudzati nyumba igulitsidwe kapena alowemo mwana wa akuti, iye adzangoonetsa pepala kuti mphamvu imeneyo alibe. Tsiku lothera nalo ndi lofunika. Chaka chimodzi ndi chokwanira, ndipo zikayenda bwino mudzalemba ina.

Dzina likhale lofanana ndi limene lili pa bilu ya khonsolo. Ngati munagula nyumba koma bilu ikubwerabe m'dzina la amene anakugulitsani, kapena la malemu bambo anu, kalata yanu idzaoneka ngati ya munthu wongodutsa. Zikatero yambani ndi kukonza dzinalo.

Mukalemba, musasayine muli nokha. Kasayineni pamaso pa loya amene ali ndi chilolezo chotsimikizira zikalata m'dziko limene muli, kapena funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi, monga ya ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg, kuti adinde chidindo. Phatikizanipo fotokope ya pasipoti kapena chiphaso chanu, ndipo mlongo wanu adzaphatikizepo ya chiphaso chake. Popeza ntchito za m'maofesi zimayenda m'Chingerezi, ndi bwino kukhala ndi kalata yachingerezi yonena zomwezo, yosayinidwa tsiku lomwelo. Chithunzi cha pa WhatsApp chikhoza kutsogola, koma kalata yeniyeni ya chidindo itumizeni ndithu, ndipo mlongo wanu aisunge n'kumayenda ndi mafotokope.

Kalata yotereyi ndi ya ntchito za mwezi ndi mwezi. Ngati mukufuna kuti m'bale wanu asayine lizi yaitali, ayambitse mlandu kukhoti kapena akhudze umwini wa malo, pitani kwa loya akukonzereni chikalata chopereka mphamvu cha mwalamulo.

Wochita lendi amve kuchokera kwa inu mwini, osati kwa mlongo wanu. Mulembereni uthenga waufupi wonena dzina la amene azilandira ndalama, mwezi woyambira, ndi nambala imodzi yokha ya akaunti ya kubanki, Airtel Money kapena Mpamba. Muuzeni kuti wina aliyense akabwera, ngakhale atati ndi malume anu, asapereke kanthu. Ngati wochita lendi ndi kampani kapena bungwe, likhoza kumadula msonkho wa MRA pa lendiyo lisanapereke, choncho mlongo wanu azitenga satifiketi ya msonkho wodulidwawo kuti musadzamuganizire kuti ndiye akudula.

Gawo limene limasokoneza ubale ndi la kuwerengera, ndiye gwirizanani ndondomeko yake pachiyambi. Pa miyezi itatu mlongo wanu watolera K540,000. Tinene kuti bilu ya khonsolo yabwera ya K60,000: imeneyo ituluke poyamba, ndalama zisanapite kwina kulikonse, ngakhale pakhomo pagwe vuto. Kenako wakonzetsa mpope wodontha ndi K25,000, ndipo munagwirizana kuti azitenga K20,000 pamwezi ya thiransipoti ndi sopo, yomwe ndi K60,000. Zotsala ndi K395,000, ndipo zimenezi zilowe mu akaunti yanu. Ya sopoyo ilembeni ndithu. Munthu amene akuyenda mu mvula ya ku Mzuzu kukakutolerani ndalama kwaulere amafika potopa, n'kuyamba kudzilipira yekha mwakachetechete.

Risiti ya khonsolo muziyiyang'ana bwino ikafika pafoni panu. Pakhale dzina lanu, nambala ya puloti yanu, tsiku ndi ndalama zimene zalipidwa. Nambala ya puloti ikalakwika, ndalama zikhoza kulowa pa akaunti ya nyumba ina ngongole yanu ikukulabe. Umboni weniweni ndi bilu yotsatira: ngati ngongole yam'mbuyo sinatsike ngakhale mwaonetsedwa risiti, mlongo wanu abwerere kukhonsolo ndi risitiyo mwezi womwewo. Ngongole ikasiyidwa kwa zaka, khonsolo ili ndi mphamvu yoifuna kudzera kukhoti, ndipo nyumba yeniyeniyo imakhala pachiswe.

Mukafuna kuchotsa mphamvu nthawi isanakwane, lembani kalata ina ya tsiku ndi siginecha, mutumize kwa mlongo wanu, kwa wochita lendi ndi kukhonsolo ngati munasiyako fotokope. Yambani ndi wochita lendi, chifukwa iye akapanda kudziwa adzapitiriza kupereka ndalama kwa munthu wakale, ndipo simudzakhala ndi pomugwirira. Kenako pemphani kuti kalata yoyamba ija, buku la malisiti ndi mabilu onse ziperekedwe kwa amene mwamusankha tsopano.