Kutseka TV ya pabalaza: msinkhu wa ana ndi nthawi yoonera

Makolo ambiri akaika pini pa dikoda amaona ngati ntchito yatha. Koma TV ya masiku ano ili ngati nyumba ya zitseko zinayi: dikoda, Netflix, YouTube ndi kabowo kolowetsa fulashi. Chitseko chilichonse chili ndi loko wakewake, ndipo pini ya pa dikoda sidziwa chilichonse cha zomwe zikuchitika pa Netflix. Chinthu china chimene chimasokoneza anthu n'chakuti kusefa zoonera malinga ndi msinkhu ndi ntchito ina, kuchepetsa maola oonera ndi ntchito inanso. Mutha kusefa bwinobwino, mwana n'kumaonera makatuni abwino okhaokha, koma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Kuti zimveke, titenge banja limene lili ndi ana awiri, wina wa zaka 4, wina wa zaka 9. Pabalaza pali TV yolumikizidwa ku intaneti, dikoda ya DStv kapena GOtv, ndi akaunti imodzi ya Netflix imene nyumba yonse imagwiritsa ntchito. Makolo akufuna kuti masiku a sukulu ana aonere ola limodzi, ndipo ikakwana 7 koloko madzulo TV ikhale ya akuluakulu.

Yambirani pa dikoda chifukwa m'posavuta. Lowani pa Settings, kenako Parental Control. Dikoda imabwera ndi pini ya kufakitale, 1234, ndipo mwana wa sitandade 4 amaidziwa kale kapena aipeka pa kuyesa koyamba. Isintheni kaye musanachite china chilichonse, ndipo musaike chaka chanu chobadwa. Mukatero sankhani msinkhu womalizira, mwachitsanzo 13, kuti pulogalamu iliyonse ya 16 kapena 18 izifunsa pini. Dikoda imadalira chizindikiro cha msinkhu chimene owulutsa aika pa pulogalamuyo, choncho ngati pali tchanelo imene simuikhulupirira, makamaka za nyimbo, itsekeni yonse payokha osadalira msinkhu.

Pa Netflix m'pamene mabanja ambiri amalakwitsa, ndiye tikhalitsepo. Akaunti imodzi imalola mapulofailo asanu. Makolo amapangira ana pulofailo ya Kids, imene imaonetsa zoyenera ana a zaka 12 kutsika m'munsi, n'kusangalala. Koma TV ikayaka imafunsa kuti akuonera ndani, ndipo zithunzi zonse zimakhala pamzere umodzi. Mwana amangosuntha rimoti kamodzi n'kulowa mwa bambo. Choncho chofunika kwenikweni ndi kukiya mapulofailo a akuluakulu. Pulofailo ya ana yokha, enawo ali otsegula, siteteza kalikonse.

Ntchitoyi ichitireni pa foni kapena pa kompyuta, osati ndi rimoti. Tsegulani netflix.com/account, lowani ndi imelo ndi pasiwedi ya akauntiyo, ndipo pitani pamene pali mapulofailo. Sankhani pulofailo ya bambo, dinani Profile Lock, lembaninso pasiwedi ikafunsa, n'kuika pini ya manambala anayi. Chitani chimodzimodzi pa ya mayi ndi ya munthu wamkulu aliyense wa m'nyumbamo, ngakhale ya mlendo amene anaipanga pa Khirisimasi n'kuisiya. Pa pulofailo ya mwini akaunti pali kabokosi kena kolamula kuti munthu aike pini asanapange pulofailo yatsopano. Kachongeni. Mukakasiya, mwana wochenjera amangodzipangira pulofailo yakeyake yopanda malire alionse, ndipo imatenga mphindi imodzi yokha.

Tsopano bwererani ku mapulofailo a anawo. Ine ndimalangiza kuti ana osiyana misinkhu chonchi asagawane imodzi. Wa zaka 4 akhale ndi yake, wa zaka 9 akhalenso ndi yake. Pa iliyonse lowani pa Viewing Restrictions ndi kusankha msinkhu womalizira. Mudzaona zizindikiro monga 7+, 13+, 16+ ndi 18+. Wamng'onoyo muikireni chotsikitsitsa, wamkuluyo 7+. Pamalo omwewo pali polemba dzina la filimu kapena sewero limene simukulifuna, ndipo likalembedwa silionekanso mu pulofailoyo ngakhale likhale la msinkhu wololedwa. Izi zimathandiza pa katuni amene amamulotetsa mwana zoopsa usiku, kapena amene wayamba kumuphunzitsa mayankhulidwe achipongwe.

Dziwani kuti Netflix ilibe poika malire a nthawi. Mungafufuze mpaka kutopa, simupeza. Chimene ili nacho n'chaching'ono koma chothandiza: pa Playback settings mutha kuzimitsa Autoplay kuti gawo lina likatha lotsatira lisayambe lokha. Gawo likatha chithunzi chimaima, ndipo mpata umenewo ndi umene kholo limanenera kuti basi, kasambeni. Muli pomwepo tsitsaninso Data usage pa mapulofailo a ana. Zithunzi zowala kwambiri za HD zimatha kudya mpaka 3 GB pa ola, pamene Low imadya pafupifupi 0.3 GB, ndipo mwana woonera katuni sadandaula nazo. Bandulo ya mwezi imakhalitsa.

YouTube ndi yovutirapo chifukwa aliyense padziko amaikapo kanema. Pa Settings pali Restricted Mode, imene imabisa makanema ambiri osayenera ana. Iyatseni, koma musaidalire kwambiri: imagwira pa chipangizo chimene mwaiyatsirapo chokha, imaphonya zina, ndipo mwana wodziwa kuwerenga atha kuizimitsa. Kwa ana osapitirira zaka 12 chabwino ndi YouTube Kids, imene imagawa ana m'magulu atatu: zaka 4 kutsika, 5 mpaka 8, ndi 9 mpaka 12. Ilinso ndi njira yoti mwana aone matchanelo okhawo amene inu mwawasankha, ndipo kwa wa zaka 4 imeneyi ndiyo yoyenera. YouTube Kids sipezeka m'mayiko onse. Ngati kwanu kulibe, kiyani apu ya YouTube ndi pini ya TV kuti izitsegulidwa wamkulu ali pomwepo. Pa Samsung zimenezi zili pa Apps, kenako Settings, n'kusankha Lock. Pa LG zili pa Safety, pomwe mutha kukiya mapulogalamu ngakhalenso mabowo a HDMI. Mitundu iwiri yonseyi imabwera ndi pini ya 0000, ndiye isintheninso.

Tifike pa nthawi. Njira yolimba kwambiri ili pa ma TV ndi timabokosi ta Google TV. Onetsetsani dzinalo pa katoni kapena poyatsa, chifukwa Android TV yakale ndi yosiyana ndipo zimenezi ilibe. Dinani kachithunzi ka akaunti pamwamba, sankhani kuwonjezera mwana, lembani dzina lake, kenako sankhani mapulogalamu amene aziwaona. Mukatha lowani pa Screen time. Pamenepo pali Daily limit, maola a tsiku lonse, ndi Bedtime, nthawi imene pulofailoyo imatseka mpaka m'mawa. Kwa banja lathu lija tiika Daily limit ya ola limodzi ndi Bedtime yoyambira 7 koloko madzulo. Nthawi ikatsala pang'ono TV imachenjeza mwanayo, kenako imatseka. Tsiku la holide kholo litha kuwonjezera mphindi zapadera poika pini. Apanso musaiwale kuyatsa Profile lock, apo ayi nthawi ikatha mwana amangotuluka n'kulowa mwa akuluakulu.

Pali kamsampha kena m'nyumba ya ana awiri. Aliyense akakhala ndi pulofailo ya ola limodzi, amakhala limodzi pampando, kumaliza ola la wamkulu, kenako n'kuyamba la wamng'ono. Onse aonera maola awiri. Ngati amaonera pamodzi nthawi zonse, patsani aliyense mphindi 30. Kwa wamng'onoyo nkhaniyi si yaing'ono: malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a chaka cha 2019 amati mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku ali chikhalire pa kanema, ndipo wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe n'komwe.

Malire a nthawiwa amawerenga zochitika mkati mwa chipangizo chimene mwawaikapo. Ngati Google TV yanu ndi kabokosi kolumikiza kumbuyo, mwana akadina Source n'kupita ku dikoda, kabokosiko sikadziwa kuti akuonerabe. Mpofunika kukiya bowo la dikodalo pa TV ngati mtundu wanu umalola. Chimodzimodzi fulashi. Mafilimu oikitsa kumsika alibe chizindikiro cha msinkhu chimene makina angawerenge, ndipo pini ya Netflix kapena ya dikoda siwakhudza. Fulashi ya akuluakulu isamagone pa TV.

Nanga amene TV yawo ndi wamba, yopanda zonsezi? Pafupifupi iliyonse ili ndi Sleep Timer. Ana akamayamba kuonera ikani mphindi 60, ndipo idzazima yokha. Kufooka kwake n'kwakuti mwana atha kuiyatsanso, choncho imagwira ntchito ngati belu lokumbutsa, osati ngati loko. Imathandizabe chifukwa mkangano umachepa: yazimitsa ndi TV pa nthawi imene munagwirizana, si mayi. Ngati intaneti ya pa TV imachokera pa foni yanu kapena pa kachipangizo ka MiFi, muli ndi mphamvu ina m'manja: mukazimitsa kapena kupita nako kuntchito, Netflix ndi YouTube zaima.

Mukamaliza zonse, yesani ngati mwana. Zimitsani TV, iyatseninso, gwirani rimoti ndipo yesani kulowa paliponse popanda pini. Ngati zosintha za Netflix sizinafike pa TV, tulukani mu pulofailo n'kulowanso. Onaninso wotchi ya TV. Magetsi akathima kwa nthawi, ma TV ena amasokoneza nthawi mpaka atalumikizananso ndi intaneti, ndipo Bedtime imatsata wotchi imeneyo. Ikani kuti izitenga nthawi yokha pa intaneti, ndipo chigawo cha nthawi chikhale cholondola: ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ndi GMT+2. Mukaona TV ikutseka masana kapena ikulola ana usiku, yambani mwayang'ana pamenepo.

Pakatha sabata, tsegulani Viewing activity pa akaunti ya Netflix ndipo muone pulofailo iliyonse, kuyambira yanu. Mukapeza makatuni mu pulofailo ya bambo pa tsiku limene bambo anali kuntchito, pini yadziwika. Kawirikawiri ana amaiona pa zala zanu mukamadina rimoti iwo ali pambali. Isintheni, ndipo muuze wamkulu aliyense wotsala ndi ana, kaya ndi agogo kaya ndi wantchito, kuti mwana akapempha pini aziyankha kuti adikire makolo. Inuyo mukaiwala ya Netflix, imabwezeretsedwa ndi pasiwedi ya akaunti, ndipo n'chifukwa chake pasiwediyo isakhale yosungidwa pa foni imene ana amaseweretsa.