Agogo, foni ikalira ndi nkhope yanga, chitani izi

Agogo, ndikhulupirira mwadzuka bwino. Lamlungu ndinaimba katatu. Azakhali andiuza kuti munadina mpaka chala kuwawa koma foni inangolirabe mpaka kusiya yokha. Foniyo sinawonongeke ayi. Kungoti foni yagalasi siyankhidwa ngati ija yamabatani munazolowera. Uthengawu akuwerengereni pang'onopang'ono foni ili m'manja mwanu.

Ndikaimba pa WhatsApp, pagalasi padzaoneka dzina langa ndi chithunzi changa. Cham'munsi mudzaona timabwalo. Kofiira nkokana, kasiyeni. Kanu ndi kobiriwira, kamene kali ndi chithunzi cha kamera mkati.

Apa mpamene panavuta. Foni ikakhala kuti inali chigonere, galasi lili lakuda, kabwalo kobiriwirako sikamva kudina. Ikani chala chimodzi pamenepo, musachichotse, ndipo chikokereni m'mwamba chikukhudzabe galasi, monga mmene mumakankhira kamwala pambali posankha mpunga m'lichero. Chikafika chapakati pa galasi, chinyamuleni. Mphamvu sizifunika, galasi limamva kukhudza chabe. Koma chala chikhale chouma. Ngati mumatsuka mbale kapena m'manja muli ufa, pukutani kaye pachitenje, chifukwa chala chonyowa foni imachisokoneza. Ndipo gwiritsani ntchito mnofu wa chala, osati chikhadabo.

Ngati foni inali yoyaka kale, mwina mumaonera zithunzi za zidzukulu, zimasiyana pang'ono. Pamwamba pamatsika kabokosi kokhala ndi mawu awiri achingerezi. Ofiira, olembedwa Decline, ndi okana. Dinani enawo, obiriwira, kamodzi kokha. Pamenepa palibe zokoka.

Mukayankha, musaike foni kukhutu. Ndikudziwa dzanja lidzathamangira komweko, zaka zonsezi lazolowera, koma ine ndizidzangoona mdima kapena mpango wanu. Igwireni patsogolo pa nkhope, motalikira ngati mmene mumagwirira buku la nyimbo kutchalitchi. Mawu amatuluka mokweza okha. Dziwaninso kuti onse amene ali pafupi adzamva zimene tikukamba, ndiye ngati pali nkhani ya ndalama, yambani mwalowa m'nyumba.

Mudzaona nkhope ziwiri. Yaikulu ndi yanga. M'kabokosi kakang'ono kapakona muli inuyo, ndipo zimene mukuona mmenemo ndi zimenenso ine ndikuona. Mukaonamo denga kapena chipumi chokha, weramitsani foni mpaka nkhope yonse ilowemo. Diso la foni ndi kadontho kakuda kamene kali pamwamba pa galasi, chala chisatseke pamenepo. Dzanja likatopa, tsamiritsani foni pakapu patebulo.

Kuwala kukhale kutsogolo kwanu. Mukakhala pakhonde dzuwa lili kumsana, ndimaona chithunzithunzi chakuda. Tembenukani muyang'ane kumene kukuchokera kuwala. Usiku nyali ikhale patsogolo panu, osati kumbuyo.

Tili mkati molankhula, timabatani tina timaoneka m'munsi, nthawi zina timabisala. Musatidine, kupatula kofiira tikatsanzikana. Ndikanena kuti sindikukumvani pamene inu mukundimva, ndiye kuti chala chakhudza kachizindikiro ka maikolofoni. Khudzani galasi kamodzi kuti timabatani tibwere, kenako dinaninso ka maikolofoniko. Ndikanena kuti ndikuona nkhuku pabwalo m'malo mwa inu, kamera yatembenukira kumbuyo. Zikatero musavutike nazo, dulani ndi kofiira, ine ndiimbanso ndipo zibwerera m'malo mwake.

Nkhope yanga ikauma osagwedezeka, mawu n'kumadukaduka, kapena pakalembedwa Reconnecting, vuto ndi netiweki, si inu. Dikirani pang'ono. Wina akuthandizeni kuona pamwamba penipeni pa galasi: pakakhala 4G kapena H+ zimayenda, koma pakakhala E kanema sangayende bwino. Pitani pamalo paja pamene mumaimira mukafuna kuimba foni.

Chinanso, foni wamba woimba yekha ndiye amalipira, koma iyi imadya bandulo mbali zonse ziwiri, yanu ndi yanga, ndipo kanema amadya kwambiri kuposa mawu okha. Bandulo ikatha kapena intaneti ikakhala yozimitsa, foni ikhoza kukhala osalira n'komwe ngakhale muli ndi mayunitsi. Ndiye Loweruka madzulo ndizikutumizirani bandulo, inu mungoonetsetsa kuti foni yatchajidwa ndipo ana asaitenge kukaonera mafilimu.

Nambala yachilendo yopanda dzina ikaimba ya kanema, musayankhe. Munthu woti simukumudziwa alibe chifukwa choonera nkhope yanu ndi m'nyumba mwanu.

Lamlungu likubwerali ndiimba 3 koloko masana, mutabwerako kutchalitchi. Azakhali akhale pambali, koma asakulandeni foni. Chala chikhale chanu. Ikaduka ndiimbanso, ngakhale kasanu.