Kalembedwe ka kalata yoitanira wantchito kuti adzayankhe mlandu

Mabwana ambiri amene amagonja kukhoti la za ntchito sikuti amakhala atanamizira wantchito wawo ayi. Nthawi zina munthuyo analakwadi, umboni ulipo, koma anamuchotsa ntchito asanamumve bwinobwino. Lamulo la zolemba anthu ntchito la 2000, pa gawo 57, likufuna zinthu ziwiri: pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu, ndiponso munthuyo apatsidwe mwayi wodziteteza pa zimene akumunenera. Mwayiwu umayambira pa kalata yomuitana. Wantchito akaiwerenga yekha kunyumba kwake, adziwe chimene akukayankha, tsiku lake, ndiponso amene angapite naye.

Tiyerekeze kuti muli ndi sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe, ndipo powerenga sitoko mwapeza kuti matumba 14 a simenti sakuoneka. Makiyi a mosungira katundu amasunga ndi bambo wina amene wagwira nanu ntchito zaka zisanu ndi ziwiri. Pano timutcha Bambo Uje.

Choyamba: fufuzani kaye, kenako tsegulani buku la malamulo a pantchito panu

Musalembe kalata tsiku lomwelo mtima uli m'mwamba. Sonkhanitsani mapepala: kaundula wa katundu wolowa ndi wotuluka, malisiti, buku la alonda la pageti. Mwina mupeza kuti matumba anayi anatengedwa pangongole ndi kasitomala ndipo kalaliki anaiwala kulemba. Zikatero mlandu ndi wa matumba 10, osati 14, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezi panokha kusiyana ndi kuuzidwa ndi woimbidwa mlandu pamaso pa komiti.

Kenako onani zimene zinalembedwa m'malamulo a kampani yanu, m'kontirakiti ya munthuyo, ndiponso m'pangano limene munasainirana ndi yuniyoni ngati ilipo. Ngati munalemba nokha kuti munthu azipatsidwa masiku asanu okonzekera, musamupatse awiri. Bwana wophwanya malamulo amene anakhazikitsa yekha amavutika kudzifotokoza kuofesi ya leba.

Chachiwiri: lembani milandu, umodziumodzi

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo m'pamene makalata ambiri amaonongekera. Ndinakhalapo m'komiti ina pamene kalata yoitanira munthu inangoti: "Mukuitanidwa kuti mudzayankhe za khalidwe lanu loipa." Mayi woitanidwayo anabwera atakonzeka kufotokoza za kuchedwa kwake m'mawa, atanyamula ndi kabuku ka kuchipatala ka mwana wake. Atakhala pansi anangomva akufunsidwa za ndalama za mafuta a galimoto za miyezi itatu yapitayo. Anangoti kukamwa yasaa. Tinaimitsa msonkhano ndipo kalata inalembedwanso.

Mlandu uliwonse ukhale ndi nambala yake, ndipo unene chimene akuganiziridwa kuti anachita, tsiku, malo, kuchuluka kwa katundu kapena ndalama, ndi lamulo la pantchito limene laphwanyidwa. Mawu ngati "kusakhulupirika" kapena "mwano" paokha sathandiza, chifukwa munthu sangabweretse mboni yotsutsa mawu otero. Koma mukalemba kuti Lachisanu pa 6 Juni matumba 10 anatuluka pageti popanda lisiti, Bambo Uje angathe kukumbukira kumene anali tsikulo. Mwina masana amenewo anali kumaliro ndipo makiyi anasiyira wina.

Samalaninso ndi kalankhulidwe. Kalatayi ndi yoitana, si chigamulo. Lembani kuti "akuti" kapena "mukuganiziridwa kuti", osati "munaba". Kalata yonena kuti "popeza munaba simenti, bwerani mudzafotokoze" imaonetsa poyera kuti nkhani inatha kale muofesi ya abwana ndipo msonkhanowo ndi wongophimba anthu m'maso.

Ndipo musaunjike milandu pofuna kuti wina mwa iyo umugwire. Ena amafukula za zaka zitatu zapitazo zimene munthu analandira kale chenjezo, n'kuziika ngati mlandu watsopano. Chenjezo lakale lingatchulidwe poganizira kukula kwa chilango, koma si mlandu woti ayankhenso kachiwiri. Tsiku la msonkhano komiti ikambe zokhazo zimene zili m'kalata. Pakatulukira nkhani ina, imeneyo ifuna kalata yakeyake.

Chachitatu: tsiku, nthawi ndi malo

Lembani dzina la tsiku pamodzi ndi deti, ola ndi chipinda. Gawo 57 silinatchule chiwerengero cha masiku, choncho tsatirani malamulo a pantchito panu. Ngati sananenepo kanthu, kwa ine masiku asanu ogwira ntchito ndi abwino pa mlandu wa sitoko ngati uwu, woti munthu afufuze mapepala ndi kupeza mboni. Kupereka kalata 4 koloko madzulo kuti abwere mawa lake 8 koloko m'mawa ndi kumumana mwayi mochenjera. Werengani masiku kuyambira tsiku limene walandira kalatayo, osati limene munailemba.

Chachinayi: womuperekeza, mboni ndi mapepala

Muuzeni kuti ali ndi ufulu wobwera ndi womuperekeza, ndipo nenani kuti angakhale ndani. Kawirikawiri amakhala mnzake wa pantchito amene wasankha yekha kapena nthumwi ya yuniyoni. Za loya, onani zimene malamulo anu akunena. Ngati salola, kalata inene momveka kuti munthu asawononge ndalama pachabe. Koma ngati kampani ikubweretsa loya wake, kumukaniza wantchito kubwera ndi wake n'kukondera koonekeratu.

Womuperekezayu si chokongoletsa chipinda. Munthu woimbidwa mlandu amanjenjemera, amaiwala madeti, nthawi zina amavomera zinthu pongofuna kuti zithe. Mnzakeyo amamulembera zimene zikunenedwa, amamukumbutsa mfundo, ndipo angapemphe kuti apume pang'ono akambirane panja. Pemphani kuti dzina lake lifike kuofesi kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, kuti mumumasule pantchito tsikulo popanda kumudula malipiro. Antchito ena amaopa kuperekeza mnzawo poganiza kuti abwana awaika chizindikiro, ndiye chiganizo chimodzi chowatsimikizira kuti sadzavutitsidwa chimathandiza.

Phatikizani makope a mapepala onse amene komiti idzagwiritse ntchito, ndipo tchulani mboni za kampani. Muuzeni kuti angabweretse mboni zake ndiponso kuti adzaloledwa kufunsa mafunso mboni zanu. Tchulaninso amene adzatsogolere msonkhano. Ameneyu asakhale yemwe anadandaula kapena yemwe anafufuza nkhaniyo. M'sitolo yaing'ono izi zimavuta, poti mwini wake ndi yemweyo wowerenga sitoko, koma mungapemphe woyang'anira nthambi ina kapena munthu wakunja wodziwa za ntchito kuti adzakhale pampando.

Chachisanu: nenani kumene nkhaniyi ingathere

Ngati mlanduwo ungachotsetse munthu ntchito, kalata inene. Si kuopseza ayi, koma kuti adziwe kulemera kwake ndi kukonzekera moyenera. Gawo 56 la lamulo lija limatchula zilango zina monga chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa ntchito ndi kutsitsidwa paudindo, choncho lembani kuti chilango "chingafike" pa kuchotsedwa ntchito. Ngati mwamuimitsa kaye podikira msonkhano, nenani kuti kuimitsidwako si chilango, ndipo fotokozani mmene malipiro ake akhalire molingana ndi kontirakiti yake.

Kalata ya Bambo Uje ingaoneke motere, pansi pa dzina la kampani, deti ndi dzina lawo:

"Bambo Uje, mukuitanidwa kumsonkhano wa komiti yoona za mwambo umene udzachitike Lachiwiri pa 24 Juni 2025, nthawi ya 9 koloko m'mawa, muofesi ya woyang'anira nthambi, kuti mudzayankhe milandu iwiri iyi.

Mlandu 1: Akuti Lachisanu pa 6 Juni 2025 munalola kuti matumba 10 a simenti atuluke mosungira katundu popanda lisiti, zomwe zikutsutsana ndi ndime 8 ya malamulo a kampani.

Mlandu 2: Akuti Lolemba pa 9 Juni 2025 munasaina kaundula wa sitoko wosonyeza kuti matumbawo analipo pamene panalibe.

Muli ndi ufulu wobwera ndi mnzanu wa pantchito kapena nthumwi ya yuniyoni, ndipo tidziwitseni dzina lake pofika Lachisanu pa 20 Juni. Mungabweretse mboni ndi mapepala anu, ndipo mudzaloledwa kufunsa mafunso mlonda wa pageti ndi kalaliki wa sitoko, amene adzaperekere umboni mbali ya kampani. Taphatikiza makope a kaundula wa sitoko ndi tsamba la buku la pageti la pa 6 Juni. Palibe chigamulo chimene chapangidwa, koma mukadzapezeka wolakwa chilango chingafike pa kuchotsedwa ntchito. Ngati pali chifukwa chomveka chokulepheretsani kubwera, tiuzeni msanga kuti tisinthe tsiku. Mukapanda kubwera popanda chifukwa, komiti ingathe kupitiriza inu kulibe."

Ndime 8 ija ndi yongoyerekeza. Inu muikepo nambala yeniyeni ya m'buku lanu. Lembani m'chinenero chimene munthuyo amamva. Mlonda kapena wonyamula katundu kumupatsa masamba awiri a Chingerezi cha maloya n'chimodzimodzi kusamupatsa kalikonse. Ngati sadziwa kuwerenga, wina amuwerengere pamaso pa mboni.

Chachisanu ndi chimodzi: kapereke, ndipo sungani umboni woti walandira

Sindikizani makope awiri. Mupatseni pamanja, pambali, osati pamaso pa anzake kapena makasitomala, ndipo asaine pa kope lanu n'kulemba deti ndi nthawi. Ambiri amakana kusaina poopa kuti akuvomera mlandu, choncho pamwamba pa malo osainira lembani kuti: "Kusaina kukungosonyeza kuti ndalandira kalatayi." Akakanabe, musakangane naye. Lembani pa kope lanu kuti wakana, munthu wachitatu amene analipo asaine, ndipo kalatayo mumusiyire. Ngati ali kunyumba, tumani munthu akapereke ndi kubwera ndi saini. Kutumiza chithunzi cha kalata pa WhatsApp kumathandiza kuti aione msanga, koma pepala lenileni limutsatire.

Kope losainidwalo liikeni m'failo limodzi ndi zolemba za msonkhano ndi kalata ya chigamulo. Bambo Uje akachotsedwa ntchito ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa za ntchito wa m'boma lawo, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita kukhoti la za ntchito, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Gawo 61 limaika udindo wosonyeza chifukwa chochotsera munthu pa bwana, osati pa wantchito. Khoti likapeza kuti sizinayende mwachilungamo lingalamule kuti abwerere pantchito kapena alandire chipukuta misozi, ndipo kwa munthu wa zaka zisanu ndi ziwiri ngati Bambo Uje, gawo 63 likuti chisachepere malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse chimene anagwira.