Mutu wa katundu pa msika wa pa intaneti: mawu ati ayambe, ati atsalire

Wogula akamayendetsa chala pa foni, saona mutu wonse umene mwalembera katundu wanu. Amaona mzere umodzi kapena iwiri pansi pa chithunzi, kenako timadontho titatu, ndipo zotsalazo zimabisika. Misika ya pa intaneti imakupatsani malo ochulukirapo: eBay imalola zilembo 80, Etsy 140, ndipo Amazon mu 2025 inkalola 200 pa mitundu yambiri ya katundu, kuwerengera ndi mipata yapakati pa mawu. Koma malo amenewa si ofanana mtengo. Makina ofufuzira amatha kuwerenga mutu wonse, pamene munthu amawerenga koyambirira kokha. Choncho funso lenileni si lakuti mulembe mawu angati ayi, koma lakuti ndi mawu ati amene akuyenera kupulumuka mutu ukadulidwa.

Tiyeni titenge chikwama chobereka chonyamulira laputopu, chosokedwa ndi chikopa cha ng'ombe, chakuda. Ogulitsa ambiri ongoyamba kumene amalemba motere:

CHATSOPANO!!! Chokongola cholimba chotchipa, gulani lero, chikwama chabwino cha amuna ndi akazi, sukulu ofesi ulendo, laputopu

Werengani zilembozo. Mawu akuti chikwama akuyambira pa chilembo cha 59. Foni ikadula mutuwu pa zilembo 40 kapena 50, wogula wauzidwa kuti chinthucho n'chokongola ndi chotchipa, koma sanauzidwe kuti n'chiyani. Komanso palibe munthu amene amalemba "chokongola cholimba" m'bokosi lofufuzira. Amene akufuna chikwama chotere amalemba dzina la chinthucho, ndi kukula kwa laputopu yake, mwina ndi mawu akuti chikopa. Mutu uli pamwambawu ulibe kukula, ulibe chopangira. Ku Amazon ukhoza kugwa pa lamulo lomwe: kuyambira Januwale 2025 saloleza zizindikiro monga ! ndi $ ndi ? m'mutu pokhapokha zili mbali ya dzina la kampani, ndipo mawu amodzi asabwerezedwe koposa kawiri, kupatula timawu tolumikizira.

Tsono tiumangenso. Poyamba pakhale dzina la chinthucho monga momwe ogula amachitchulira, osati momwe chalembedwera pa katoni ya ku fakitale. Njira yodziwira ndi yosavuta. Lowani pa msikawo ngati wogula, yambani kulemba dzinalo m'bokosi lofufuzira, ndipo onani mawu amene akutulukira okha pansi. Amenewo amachokera ku zimene anthu amafufuza kawirikawiri. Lembani mutu wanu m'chinenero chimene ogula a pa msikawo amafufuzira, ngakhale chisakhale chanu.

Nanga dzina la kampani yopanga? Malangizo ambiri amati liyambe nthawi zonse. Ine ndimati zitengera. Ngati ndi dzina limene ogula amalilemba okha pofufuza, liyambedi, chifukwa ndilo lawabweretsa, ndipo akaliona amakhulupirira kuti afika pamalo pake. Koma ngati zikwamazo mumasoka nokha ndipo dzina lanu silinadziwike, kuliyika patsogolo n'kutaya zilembo khumi kapena kuposerapo pa mawu amene palibe akuwafufuza. Liyikeni kumapeto, kapena m'bokosi la dzina la kampani limene msika umapereka. Muyang'ane kaye malamulo a msika wanu, poti ina imafuna dzinalo likhale poyamba. Chimene simuyenera kuchita n'kubwereka dzina la kampani yotchuka kuti likukokereni anthu. Misika imachotsa katundu wotero, ndipo wogula amene anabwera kudzafuna dzina linalo sagula chanu.

Pakati pa ntchito ya chinthucho, kukula kwake ndi chopangira chake, chitsogole ndi chimene chingachititse wogula kubweza katundu ngati chalakwika. Pa chikwama chathu, munthu angapirire chikopa chofiirira m'malo mwa chakuda, koma laputopu ikakana kulowa, basi, chikwamacho chabwerera. Ndiye ntchito ndi kukula zibwere msanga, chopangira chitsatire, mtundu utsirize:

Chikwama chobereka cha laputopu ya mainchesi 15.6, chikopa cha ng'ombe, chakuda

Mutuwu uli ndi zilembo 79, ndiye ukukwana ngakhale pa eBay. Ukadulidwa pa zilembo 50, wogula wadziwa kale chinthucho, kanyamulidwe kake ndi laputopu imene ingalowemo. Mukafuna kuwonjezera dzina la kampani patsogolo, china chichoke, ndipo choyamba kuchoka ndi "chakuda", chifukwa chithunzi chikunena kale zimenezo. Pa katundu wina dongosololi limatembenuka. Wogula mphete amafuna kudziwa kaye ngati ndi siliva kapena ndi chitsulo chongokutidwa, ndiye pamenepo chopangira chimakhala kutsogolo kwa kukula.

Pa kukula m'pamene ambiri amapunthwa, tikhalepo pang'ono. Mainchesi 15.6 si muyeso wa chikwama. Ndi muyeso wa sikirini ya laputopu, kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasana nayo, womwe ndi masentimita pafupifupi 39.6. N'chifukwa chake m'mutu talemba kuti "laputopu ya mainchesi 15.6". Kamawu kakuti "ya" kakumangirira nambalayo ku laputopu. Mukalemba "chikwama cha mainchesi 15.6", wina aganiza kuti ndi kutalika kwa chikwamacho. Ndipo malaputopu awiri a sikirini yofanana amatha kusiyana m'lifupi ndi kunenepa kwake, choncho yezani nokha thumba lam'kati ndi tepi, muyeso wake muulembe m'mafotokozedwe. Nambala ilembedwe ndi manambala, 15.6, osati m'mawu, ndipo isayende yokha popanda muyeso wake. "Chikwama 20" sichinena kanthu, pamene "malita 20" akunena.

Chopangira nacho chinenedwe moona. Ngati ndi chikopa chochita kupanga cha pulasitiki, chimene pa misika amachilemba kuti PU, lembani choncho. Mawu akuti chikopa okha angakupatseni ogula ochuluka sabata yoyamba, kenako n'kukubwezerani katundu ndi madandaulo olembedwa poyera pansi pa dzina lanu. Pa ntchito, sankhani imodzi, yaikulu. Mndandanda wa "sukulu ofesi ulendo" upite m'mafotokozedwe. Dzazaninso mabokosi a chopangira, mtundu ndi kukula, chifukwa wogula akasefa katundu kuti aone zachikopa zokha, sefayo kawirikawiri imadalira mabokosiwo, osati mutu.

Mungadziwe bwanji kuti mutu ukulephera? Misika yambiri imaonetsa wogulitsa kuti katundu wake waonekera kangati ndipo wadinidwa kangati. Akamaonekera mwa apo ndi apo, kayikirani kaye mawu: mwina amene ogula amalemba mulibe m'mutu mwanu. Akamaonekera kwambiri koma osadinidwa, tsegulani pa foni muone pamene mutu wadukira, ngakhale chithunzi ndi mtengo nazonso zingakhale ndi mlandu. Akamagulidwa koma n'kumabwezedwa ndi mawu akuti "n'chaching'ono" kapena "si chikopa", vuto lili pa kukula kapena chopangira. Sinthani chinthu chimodzi chokha, lembani tsiku limene mwasintha, ndipo musakhudze chithunzi kapena mtengo kwa milungu iwiri kapena itatu. Ngati katundu wanu amaonedwa ndi anthu ochepa pa sabata, dikirani nthawi yotalikirapo musanagamule, chifukwa kusiyana kwa anthu atatu kapena anayi kungakhale mwayi chabe.