Akakutumizirani chithunzi cha menyu ya ku Jeremani, yambani kuwerenga m'munsi

Mukakhalitsa kunja, abale ongofika kumene amakuyesani womasulira. Wina akhala mu lesitilanti, wajambula menyu, watumiza pa WhatsApp: "Achimwene, ndidye chiyani apa? Paja mtedza umandiwenga." Musathamangire kumasulira mayina a zakudya. Yang'anani kaye ngati chithunzicho chatenga m'munsi mwa tsamba, chifukwa ambiri amadula pomwepo pojambula, pamene ndi pomwe pali nkhani.

Kuyambira mu Disembala 2014, lamulo la mayiko a Mgwirizano wa ku Ulaya, nambala 1169/2011, limakakamiza ogulitsa chakudya kuulula ngati muli chimodzi mwa zinthu 14 zomwe zimawenga anthu. Zina mwa izo ndi tirigu, mazira, mkaka, nsomba, nkhanu, soya, chitowe, mpiru ndi mtedza. Malesitilanti ambiri amaika timalemba pambali pa chakudya chilichonse, tanthauzo lake n'kulilemba m'munsi kapena kutsamba lomaliza. Ku Ositiriya timalembati timafanana pafupifupi paliponse: A ndi tirigu, C mazira, E mtedza, G mkaka. Ku Jeremani aliyense amatha kukonza ndondomeko yake, moti E wa lesitilanti iyi sangakhale E wa dzulo uja. Ngati chithunzi chilibe matanthauzowo, muuzeni ajambulenso, ngakhale njala itamupweteka bwanji.

Tiyerekeze kuti pachithunzipo pali mzere uwu:

```
Schnitzel Wiener Art mit Bratkartoffeln (A, C, 2, 3)
```

Schnitzel ndi nyama yopyapyala yomwe amaisasantha, kuigubuduza mu ufa wa tirigu, kuiviika m'mazira, kuikuta ndi nyenyeswa za buledi, kenaka n'kuikazinga. N'chifukwa chake pali A ndi C, ngati m'munsimo atsimikiza kuti akuimira tirigu ndi mazira. Manambala nthawi zambiri amaimira zina, monga mankhwala oteteza chakudya kuti chisawonongeke, osati zowenga. Koma taonani mawu akuti Wiener Art. Chikalembedwa Wiener Schnitzel, imakhala nyama ya mwana wa ng'ombe. Chikalembedwa Wiener Art, angotsanzira kaphikidwe, ndipo kawirikawiri ndi nkhumba. Nazonso Bratkartoffeln, zomwe ndi mbatatesi yokazinga, amakonda kuziphika ndi tizidutswa ta Speck, nyama ya nkhumba yofutsa. Palibe kalemba komwe kangakuchenjezeni za zimenezi, poti nkhumba sili m'gulu la zinthu 14 zija. Ngati m'bale wanuyo ndi Msilamu kapena wa Sabata, muyenera kumuuza nokha.

Mayina ena amanamiza ndithu. Leberkäse mukaimasulira liwu ndi liwu ndi "chiwindi ndi tchizi", pomwe ndi nyama yogaya ya ng'ombe ndi nkhumba yowotcha ngati buledi. Choncho musamutumizire dzina lomasulira. Muuzeni nyama yake, mmene amaiphikira, ndi zomwe amathiramo.

Za mtedza zimafuna kudekha. Mtedza wathu uja pa Chijeremani ndi Erdnüsse. Schalenfrüchte kapena Nüsse ndi wa m'mitengo, monga amondi, ndipo lamulo limaziwerenga padera. Mufunseni kuti womuwenga ndi uti, kapena ndi yonse. Erdnüsse sapezeka kwenikweni mu nyama ngati ija, koma amabisala m'zakudya za ku Vietinamu ndi ku Thailandi, zomwe malesitilanti ake ndi ochuluka m'mizinda ya ku Jeremani: msuzi wa Saté ndi chiponde chenicheni, ndipo Pad Thai amaiwaza mtedza wosinja pamwamba.

Chithunzi chili ndi polekezera. Timalemba timanena zomwe wophika wathira mwadala. Sitinena ngati mbatatesi yakazingidwa m'mafuta omwe munadutsa nsomba, kapena ngati chipande chimodzi chalowa m'miphika iwiri. Ndipo menyu yopanda timalemba sikuti chakudya chake chilibe chowenga. Ku Jeremani amaloledwa kufotokoza pakamwa, bola akhale ndi chikalata chomwe kasitomala angathe kuchiona akapempha. Ine sindimuuza munthu kuti "idyani, chilibe vuto" nditangoona chithunzi. Ndimamulembera mawu oti aonetse woperekera zakudya:

```
Ich habe eine Erdnussallergie. Sind da Erdnüsse oder Erdnussöl drin?
Bitte fragen Sie in der Küche.
```

Akunena kuti mtedza umamuwenga, akufunsa ngati muli mtedza kapena mafuta ake, ndipo akupempha kuti akafunse kukhitchini. Woperekera zakudya akayankha mokayikira, asankhe china. Ngati atadya milomo kapena lilime zayamba kutupa, mawu asasa, kapena akubanika, asadikire kuti aone ngati zitha zokha, komanso asayambe ndi kuimbira inu. Adzibaye jakisoni wa adirenalini ngati adokotala anamupatsa woyenda naye, ndipo wina aimbe 112, nambala ya ambulansi yomwe ndi yaulere m'mayiko onse a mgwirizanowu.