Kulipira Ndalama ya Fomu pa Intaneti ndi Kutsimikiza Kuti Yafika

Malangizo awa ndi a munthu amene wamaliza kudzaza fomu pa intaneti, kaya yofunsira malo a sukulu, chilolezo kapena chikalata china, ndipo wafika pa gawo lolipira. Wofunsira ayenera kulipira ndalama yonse imene yaonetsedwa, pogwiritsa ntchito khadi la ku banki kapena ndalama za pa foni, ndipo fomu yake idzawerengedwa kuti yalipiridwa pokhapokha bungwe lolandira mafomu litatsimikiza malipirowo. Mfundo yomalizayi ndiyo imasokoneza anthu ambiri, chifukwa kuchoka kwa ndalama mu akaunti yanu ndi kufika kwake pa fomu yanu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nthawi zina pamapita maola pakati pake.

Musanadinize kalikonse, lembani papepala nambala ya fomu yanu, imene kawirikawiri imaoneka pansi pa mawu akuti Reference Number kapena Application Number. Nambala imeneyi amapereka ndi bungwe, ndipo ndiyo imasonyeza kuti ndalamayo ndi ya fomu ya yani. Mukalipira mudzalandira nambala inanso, yotchedwa Transaction ID, imene amapereka ndi banki kapena kampani ya foni, ndipo imeneyo imasonyeza kuti ndalama inachokadi. Yoyamba payokha siitsimikiza kuti munalipira, ndipo yachiwiri payokha siinena kuti munalipirira fomu iti, choncho muzisunge zonse ziwiri pamalo amodzi. Onaninso kuti mu akaunti muli ndalama yoposa pang'ono imene yalembedwa, popeza nthawi zina pamakhala kandalama kena kolipirira ntchito yotumizayo, ndipo kupereweza ngakhale pang'ono kumachititsa malipiro onse kukanidwa.

Ngati mwasankha khadi, lembani manambala a kutsogolo kwake, amene pa makhadi a Visa ndi Mastercard amakhala 16, kenako mwezi ndi chaka chimene khadilo lidzathere mphamvu, monga 08/29, ndi manambala atatu a kumbuyo otchedwa CVV. Banki idzatumiza ku foni yanu nambala yogwira ntchito kamodzi, yotchedwa OTP, imene imatha mphamvu pakangopita mphindi zochepa. Nambalayi imapita ku foni imene inalembetsedwa ku banki, choncho amene anasintha nambala osauza banki adzadikira uthenga umene sudzabwera. Nambala yachinsinsi imene mumagwiritsa ntchito potapa ndalama pa makina siifunika polipira pa intaneti, ndipo tsamba lililonse limene likuifunsa mulisiye nthawi yomweyo. Khadi likakanidwa muli ndalama, kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti silinatsegulidwe kuti lizigula pa intaneti kapena lafika pa malire a ndalama imene lingatulutse pa tsiku, ndipo zimenezi amakonza ndi a banki, osati bungwe lolandira mafomu. Kuyesa mobwerezabwereza sikuthandiza, ndipo kungachititse banki kutseka khadilo poganiza kuti labedwa.

Ndalama za pa foni zili ndi njira yake. Sankhani kampani ya foni yanu, lembani nambala ya foni monga momwe chitsanzo cha pa tsambalo chikusonyezera, ndipo dinizani Pay kamodzi kokha. Pa foni padzatuluka uthenga wopempha chilolezo, wosonyeza dzina la wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama. Werengani zonse ziwiri musanalembe PIN yanu. Dzina looneka pamenepo likhoza kukhala la kampani imene imatolera ndalama m'malo mwa bungwe, ndipo ngati malangizo a bungwelo akutchula kampaniyo palibe chodetsa nkhawa, koma likakhala dzina la munthu wamba, kanani. PIN imalembedwa pa foni pokha, siilembedwa pa tsamba la intaneti ndipo siiuzidwa munthu aliyense. Uthenga wopempha chilolezowo sukhalitsa, choncho foni ikhale m'manja mwanu, yotsegula, ndipo pasakhale kuimba kapena kuona balansi pa nthawiyo, chifukwa zimenezo zingaulepheretse kutuluka. Ndikuwonjezera chenjezo limodzi kwa amene amalipira pa foni yomweyo imene akudzazirapo fomu: mukamaliza kulemba PIN, bwererani ku tsamba limene munali ndipo mulisiye lisinthe lokha, osadiniza chobwerera m'mbuyo kapena kulitsegulanso.

Chifukwa cha chenjezo limeneli chimamveka bwino munthu akadziwa mmene ndalama imayendera. Pa malipiro amodzi pamakhala mbali zitatu, zomwe ndi banki kapena kampani ya foni imene imasunga ndalama yanu, kampani yapakati imene imatolera malipiro, ndi bungwe limene lili ndi fomu yanu. Mukavomereza, mbali yoyamba imachotsa ndalama n'kukutumizirani uthenga. Kenako kampani yapakati iyenera kuuza makina a bungwe kuti fomu yakutiyakuti yalipiridwa. Uthenga wachiwiriwu ukachedwa, chifukwa cha netiweki, kuchuluka kwa anthu olipira kapena kutsekedwa msanga kwa tsamba, foni yanu imanena kuti ndalama yapita pamene fomu ikunenabe kuti simunalipire. Apa palibe amene wanama, kungoti mbali imodzi sinamve zimene inayo yachita kale.

Mawu amene mudzaona pa fomu nthawi zambiri ndi atatu. Successful kapena Paid akutanthauza kuti bungwe lalandira uthenga ndipo lalemba malipiro pa fomu yanu. Failed kapena Declined akutanthauza kuti malipiro akanidwa, ndipo mukaona kuti ndalama sinachoke mungathe kuyesanso. Ovuta ndi akuti Pending kapena Processing, chifukwa sakunena kuti zatheka ndipo sakunena kuti zalephera, akungonena kuti yankho silinafike. Pa nthawi imeneyi musalipirenso. Mabungwe ambiri amalemba kuti ndalama ya fomu siibwezedwa, ndipo ngakhale kumene amabweza ndalama yolipidwa kawiri, pamafunika kalata, umboni ndi kudikira kwa nthawi yaitali kuposa imene mukanadikira kuti malipiro oyamba aoneke.

Tiyerekeze mtsikana amene akufunsira malo ku koleji, ndipo nambala ya fomu yake ndi APP-20417. Iye alibe ndalama pa foni yake, choncho walemba nambala ya mchimwene wake, zomwe n'zololeka pa mafomu ambiri chifukwa ndalama imatsatira nambala ya fomu, osati dzina la mwini foni. Nthawi ya 14:05 mchimweneyo walemba PIN, ndipo nthawi ya 14:06 walandira uthenga wosonyeza ndalama imene yachoka, wolandira, Transaction ID ndi balansi yotsala. Koma kwa mtsikanayo intaneti yaduka tsamba lisanasinthe, ndipo atalowanso wapeza Pending. Choyamba chimene ayenera kuchita ndicho kupempha mchimwene wake kuti asafufute uthengawo ndipo amutumizire chithunzi chake chonse, chosonyeza tsiku ndi nthawi. Chachiwiri, mchimweneyo aone m'ndandanda wa malipiro a pa foni yake ngati ndalamayo yachoka kamodzi ndipo sinabwerere, pakuti nthawi zina ndalama imachoka n'kubwerera yokha pakapita kanthawi, ndipo zikatero malipiro alephera ngakhale uthenga woyamba ulipo. Ngati sinabwerere, mtsikanayo atuluke mu akaunti yake ya fomu, adikire monga theka la ola, alowenso, ndipo ngati pali batani lolembedwa Verify Payment kapena Check Status alidinize, chifukwa limachititsa makina a bungwe kufunsanso kwa kampani yapakati. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa.

Ikapanda kutha, adikire nthawi imene bungwe linalemba m'malangizo ake, imene kawirikawiri imawerengedwa m'masiku a ntchito, kutanthauza kuti Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi salowamo. Nthawiyo ikadutsa, alembere ofesi yoona za malipiro pa adiresi imene ili pa tsamba lenileni la bungwe. M'kalatayo atchule dzina lake monga lilili pa fomu, nambala ya fomu, Transaction ID, kuchuluka kwa ndalama, tsiku ndi nthawi, komanso nambala ya foni imene inalipira. Apa pamafunika kusamala, chifukwa nambala yofunika ndi ya mchimwene wake, ndipo akalemba yake wogwira ntchito mu ofesi adzafufuza osapeza kanthu. Kalata yongonena kuti ndinalipira koma sizikuoneka siithandiza amene akuiwerenga, popeza ali ndi malipiro ambirimbiri a ndalama yofanana ndipo alibe china chowasiyanitsira koma manambalawo.

Wolipira ndi khadi achite chimodzimodzi, kupatula zinthu ziwiri. M'kalata atchule manambala anayi omaliza a khadi chabe, ndipo asatumize chithunzi cha khadi, CVV kapena OTP kwa aliyense, ngakhale kwa munthu amene waimba foni n'kunena kuti akuthandiza kubweza ndalama. Chinanso n'chakuti banki nthawi zina imangoigwira ndalamayo osaipereka kwa wolandira, moti balansi imatsika koma malipiro sanamalizike. Malipiro otere akalephera, ndalama yogwidwayo imamasulidwa yokha, ngakhale kuti zingatenge masiku angapo a ntchito. Kuti mudziwe chimene chachitika, funsani a banki ngati ndalamayo yangogwidwa kapena yaperekedwa kale, pakuti ikakhala yogwidwa chabe woyankha ndi banki, koma ikakhala kuti yaperekedwa nkhani ili m'manja mwa bungwe.

Vuto limakula tsiku lotsekera mafomu likayandikira, ndipo n'chifukwa chake ndikulangiza kuti mulipire kudakali masiku atatu a ntchito kapena kuposerapo. Ngati tsikulo lafika fomu ikadali pa Pending, tumizani umboni wanu lisanathe, kuti pakhale cholembedwa chosonyeza kuti munalipira pa nthawi yake, ndipo funsani momveka ngati muyenera kudikira kapena kulipiranso. Yankho limene mwapatsidwa mulisunge lolembedwa.

Malipiro amatsimikizika zinthu zitatu zikagwirizana: uthenga wa banki kapena wa foni, mawu akuti Paid pa fomu, ndi risiti yochokera ku bungwe. Itsitseni risitiyo ndipo muone kuti dzina, nambala ya fomu ndi kuchuluka kwa ndalama n'zolondola. Ngati inayenera kubwera pa imelo koma simukuiona, yang'anani mu gawo lolembedwa Spam. Pa mafomu ena kulipira sikutumiza fomu, moti mukabwerera kuchokera ku gawo lolipira pamakhala patatsala batani la Submit, ndipo fomu yolipiridwa koma yosatumizidwa imakhalabe pa Draft mpaka tsiku lotsekera litadutsa. Dinizani batanilo, dikirani kufikira fomu itasonyeza Submitted, ndipo jambulani tsambalo nambala ya fomu ndi tsiku zikuoneka.